Batire silikumbukira: vuto la m'masetilaiti limene linasanduka lamulo la pa tchaja

Pafupifupi aliyense amene anagulapo foni yatsopano anamvapo malangizo awa: isamaikidwe pa tchaja isanathe moto, izidikiridwa mpaka izime yokha, ndipo tsiku loyamba igone pa magetsi usiku wonse. Wogulitsa pamsika amawanena motsimikiza, wokonza mafoni amawabwereza, ndipo kunyumba sikulephera kupezeka malume amene anawasunga pamtima kuyambira nthawi ya Nokia 3310. Munthu akafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: batire limakumbukira. Amati likamatchajidwa lili pa theka limazolowera, ndipo mapeto ake limayamba kuona thekalo ngati pothera pake.

Malangizowa sanangopekedwa. Ali ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi mlengalenga, m'masetilaiti amene ankazungulira dziko m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Batire limene linkakhudzidwa ndi la nikelo ndi kadimiyamu, lija limalembedwa kuti NiCd pa chikutiro chake, mtundu umene mufoni ya masiku ano mulibe. Ndiponso, ngakhale m'masiku a mabatire amenewo, vuto limene anthu ankakumana nalo m'nyumba zawo n'kumalitcha kukumbukira nthawi zambiri linali vuto lina.

Batire la NiCd ndi lakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Analitulukira ndi Waldemar Jungner wa ku Sweden mu 1899. Mkati mwa selo lililonse muli mapuleti a mitundu iwiri, ena okhala ndi mankhwala a nikelo, ena a kadimiyamu, ndipo onse amanyowetsedwa ndi madzi a mankhwala amene amalola kuti magetsi aziyenda pakati pawo. Selo limodzi limapereka 1.2 V. Chimene chinalitchukitsa n'chakuti voteji imeneyi, kutanthauza mphamvu imene selo limakankhira magetsi, siitsika msanga. Imakhala cha pa 1.2 V kwa nthawi yaitali, kenako moto ukatsala pang'ono kutha imagwa mwadzidzidzi. Ikafika pa 1.0 V, selolo limawerengedwa kuti latha. Batireli linali lopirira: kuzizira, kugwedezeka ndi kutchajidwa kambirimbiri silinkaziopa. N'chifukwa chake mainjiniya opanga masetilaiti oyambirira analisankha.

Zimene zinkachitika mlengalenga

Setilaiti youluka pafupi ndi dziko imalizungulira kamodzi pa mphindi pafupifupi 90. Mwa mphindi zimenezi, pafupifupi 35 imakhala mumthunzi wa dziko, kumene mapanelo a sola sapeza dzuwa, ndipo zipangizo zonse zimadalira batire. Ikatuluka mumthunzimo, mapanelo amabwezera moto umene wagwiritsidwa ntchito. Zimenezi zimachitika ka 15 kapena ka 16 pa tsiku, ndipo pa chaka zimapitirira ka 5,000.

Chofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi kufanana kwa maulendowo. Mthunzi unkakhala wa utali pafupifupi womwewo, zipangizo zinkakoka magetsi ofanana, ndipo makina owongolera tchaja ankasiya kutchaja batire likangodzaza, osapitirirako. Choncho batire linkatsika kufika pa malo amodzimodzi, mwachitsanzo litagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo anayi a moto wake, n'kukwera kufika pa malo amodzimodzinso, maulendo mazanamazana. Magawo atatu otsalawo sankakhudzidwa n'komwe.

Ndiye tsiku lina batirelo likafunika kugwira ntchito kupitirira malire amene linazolowera, voteji yake inkagwa itangodutsa pa malirewo. Kwa mainjiniya amene ankawerenga manambala ali pansi, zinkaoneka ngati batire lasunga m'mutu pamene limalekezera masiku onse. Dzina la kukumbukira linabadwira pamenepo, ndipo linafalikira kwambiri pamene akatswiri awiri a kampani ya General Electric, Pensabene ndi Gould, analemba za vutoli m'magazini ya mainjiniya ya IEEE Spectrum mu 1976.

Koma kampani yomweyo inafotokozanso kuti vutoli limafuna zinthu zingapo zichitikire pamodzi, ndipo chimodzi chokha chikasowa silioneka. Batire liyenera kutsika kufika pa mlingo womwewo ulendo uliwonse, osasiyana ndi maperesenti oposa atatu. Liyenera kukhala losatchajidwapo kupitirira podzadzira pake. Ndipo liyenera kukhala loti silitsitsidwa kupyola 1.0 V pa selo. Kuwonjezera apo, vutoli linkaoneka m'maselo a mtundu umodzi, amene mapuleti awo amapangidwa powotcha ufa wa nikelo mpaka utagwirana n'kukhala ndi timabowo tambirimbiri. Ofufuza amene ankayesa kulibweretsa dala m'malabotale ankavutika nalo, chifukwa silinkabwera wamba.

Tsono ndani amagwiritsa ntchito tochi kapena wailesi mwa ndondomeko yoteroyo? Lero munthu ayatsa tochi mphindi zisanu, mawa ola lathunthu, mkuja aiwala kuizimitsa. Moyo wa pansi pano ndi wosalongosoka mokwanira kuti batire lisakhale ndi choti lizolowere. Kumwambako nakonso mankhwala ake anapezeka msanga. Mainjiniya anasintha makina kuti azitchaja mopitirirako pang'ono, ndipo nthawi ndi nthawi ankatsitsa batire dala mpaka pansi n'kulidzazanso. M'masetilaiti a kutali kwambiri, aja amaoneka ngati angoima pamalo amodzi, zimenezi zinkachitika nyengo ya mthunzi isanayambe, imene kwa iwo imabwera kawiri pa chaka.

Vuto limene linali m'nyumba za anthu

Komabe anthu a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 sankanama. Makamera a vidiyo, mafoni a m'nyumba opanda chingwe, makina ometera ndevu ndi mawailesi olankhulirana a alonda ankazimadi msanga atagwira ntchito miyezi yochepa chabe, ndipo batire likatsitsidwa mpaka pansi n'kutchajidwanso, nthawi zambiri linkatsitsimuka. Woyambitsa wake anali tchaja.

Matchaja a nthawi imeneyo ambiri analibe nzeru iliyonse. Ankangothira magetsi pang'onopang'ono osasiya, kaya batire ladzaza kaya ayi. Mwachizolowezi ankapereka gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa batire pa ola, moti batire lotheratu linkadzaza m'maola 14 mpaka 16. Batire la NiCd likadzaza koma magetsi n'kumalowabe, mphamvu yotsalayo imasanduka kutentha. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, mankhwala a m'mapuleti amasintha. Pa puleti la nikelo pamapangika mtundu wina wa mankhwala womwe umapereka voteji yotsikirapo. Pa puleti la kadimiyamu, ina mwa kadimiyamuyo imatha kulumikizana ndi nikelo n'kupanga chitsulo chosakanizika, nachonso chotulutsa magetsi pa voteji yotsika. Komanso kadimiyamu imene ikungokhala osagwira ntchito imaundana: timibulu take tosaoneka ndi maso timakula kambirimbiri. Mchere wosalala umasungunuka nthawi yomweyo mu ndiwo, pamene wa mibulu ikuluikulu umachedwa ngakhale kuchuluka kwake kuli komweko. Kadimiyamu ya mibulu ikuluikulu nayonso imachedwa kupereka magetsi, ndipo chipangizo chikakoka mwamphamvu, voteji imagwa.

Kugwako si kwakukulu. Kumakhala pakati pa 0.1 V ndi 0.15 V pa selo. Koma n'kokwanira kunamiza chipangizo.

Chitsanzo chabwino ndi wailesi yolankhulirana ya mlonda yokhala ndi batire la maselo asanu ndi limodzi. Pa chikutiro palembedwa 7.2 V ndi 1000 mAh, ndipo nambala yachiwiriyi ndi imene imanena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. Tingoyerekeza kuti wopanga wailesiyo anaikonza kuti izizima voteji ikatsika kufika pa 6.6 V, kutanthauza 1.1 V pa selo. Batire likakhala labwino, malire amenewa savuta, chifukwa selo limakhala pa 1.2 V mpaka chakumapeto, ndipo likamafika pa 1.1 V moto umakhala utatsala wochepa kwambiri.

Mlondayo amagwiritsa ntchito 300 mAh usiku uliwonse, ndipo m'mawa amaika wailesiyo pa tchaja ya 100 mA mpaka madzulo. Kuti 300 mAh ibwerere, kuphatikizapo yotayika m'njira, pamafunika maola anayi ndi pang'ono. Maola ena onsewo, asanu ndi atatu kapena kuposerapo, batire limangophikidwa. Pakapita miyezi, gawo la mankhwala limene limagwira ntchito usiku uliwonse limakhalabe bwino, chifukwa limasungunuka n'kupangikanso mwatsopano tsiku lililonse. Gawo lotsalalo, la 700 mAh, ndi limene limasintha.

Usiku wina mlondayo afunika kulankhula kwambiri kuposa masiku onse. Wailesi imagwira bwino mpaka 300 mAh ija itatha. Ikangolowa m'gawo losinthikalo, selo lililonse limatsika kuchoka pa 1.2 V kufika pa 1.05 V. Maselo asanu ndi limodzi pamodzi amapereka 6.3 V, yomwe ndi yochepera 6.6 V, ndipo wailesi imazima. Mlondayo aona kuti yazima pa nthawi yomwe amaiikira pa tchaja masiku onse. Anganene chiyani china, kupatula kuti batire lakumbukira? Chikhalirecho moto woposa theka ukadali m'katimo.

Wokonza zipangizo wodziwa ntchito yake amatha kutsimikiza zimenezi ndi mita yoyezera voteji, babu laling'ono ndi wotchi. Amadzaza batirelo, n'kulilumikiza ku babu lokoka pafupifupi 200 mA, n'kumayang'ana mita. Batire la 1000 mAh langwiro liyenera kuyatsa babulo maola pafupifupi asanu lisanafike pa 6.0 V. Ngati pakatha ola limodzi ndi theka voteji yatsika kufika cha pa 6.3 V koma n'kukhazikika pamenepo, babu n'kumayakabe mpaka maola anayi ndi theka, ndiye kuti moto ulipo pafupifupi 900 mAh ndipo vuto ndi kutsika kwa voteji basi. Kuyezako pakokha kumakhala mankhwala, chifukwa kumagwiritsa ntchito gawo lomwe linkangokhala lija. Batire likadzazidwanso, ndipo mwina zikabwerezedwa kawiri kapena katatu, limabwerera mwakale.

Mita yomweyo imaulula matenda ena amene ankanamiziridwa kukumbukira. Batire la maselo asanu ndi limodzi likangochoka pa tchaja limasonyeza kupitirira 8 V. Likasonyeza cha pa 7 V, ndiye kuti selo limodzi lafa, kawirikawiri chifukwa chakuti timinga ta kadimiyamu taboola kapepala kolekanitsa mapuleti n'kuwalumikiza. Ngati voteji yagwa ndi 1.2 V yathunthu pakati pa kuyeza, pali selo limodzi lofooka limene latha anzake asanathe. Ndipo ngati batire likungotha lokha lili pashelefu, chimenecho ndi chibadwa cha NiCd, imene imataya maperesenti khumi kapena kuposerapo pa mwezi ngakhale ili yatsopano. Matenda atatu onsewa sachira ndi kutsitsa batire.

Apa pali zodabwitsa. Kukumbukira kwenikweni kwa m'masetilaiti kunkabwera chifukwa batire silinkatchajidwa mopitirira, pamene vuto la m'nyumba linkabwera chifukwa linkatchajidwa mopitirira muyezo. Mavuto awiri osiyana magwero anapatsidwa dzina limodzi, kaamba koti ankaoneka mofanana ndiponso ankachira ndi mankhwala ofanana.

Mankhwala amene anapha mabatire ambiri

Malangizo oyenera anali akuti batire la NiCd lizitsitsidwa kufika pa 1.0 V pa selo kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi ingapo. Poyenda pakamwa ndi pakamwa, malangizowa anasintha n'kukhala akuti lizitheratu nthawi zonse lisanatchajidwe. Ena ankafika pomangirira batani la chiboolero ndi mphira kuti chizungulire mpaka chiime, kapena kusiya tochi ikuyaka usiku wonse.

Kuopsa kwake kuli pa maselo olumikizidwa mondondozana. Maselo safanana ndendende, limodzi limatha msanga kuposa anzake. Batire likapitiriza kukokedwa, maselo amphamvu amakankha magetsi kudutsa m'selo lotha lija chobwerera m'mbuyo. Selolo limayamba kutulutsa mpweya wa haidirojeni, umene m'katimo mulibe njira youbwezera, ndipo ukachuluka kavavu kotetezera kamatseguka. Mpweya ukamatuluka umapita ndi madzi a m'selo, ndipo madziwo sabwereranso. Zikachitika kangapo selolo limauma, batire lonse n'kukhala lotayidwa. M'mashopu okonza mabatire a ndege, kumene NiCd ikugwirabe ntchito mpaka lero, amatsitsadi maselo mpaka pa ziro, koma selo lililonse likatsala pang'ono kutha amalimanga ndi kachitsulo kolumikiza mitu yake iwiri kuti lisatembenuzidwe ndi anzake. Munthu wa mphira pa chiboolero analibe chitetezo chimenechi.

Batire limene linalowa m'malo mwa NiCd m'zipangizo zambiri ndi la NiMH, limene linafika pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mulibe kadimiyamu, koma puleti la nikelo lilimobe, choncho kutsika kwa voteji kumachitikabe, ngakhale pang'ono. Nokia 3310, imene inatuluka m'chaka cha 2000, inkabwera ndi batire la NiMH, moti malangizo a malume aja anali ndi kachoonadi pa foni imeneyo. Mabatire otchajidwa a AA ndi AAA amene amagulitsidwa lero ambiri ndi a mtundu womwewu, ndipo akayamba kuzima msanga, kuwatsitsa kamodzi kufika pa 1.0 V n'kuwadzazanso kumathandiza.

NiCd yokha inatha m'masitolo pa chifukwa china. Kadimiyamu ndi poizoni amene amawononga impso ndi mafupa. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya anakhazikitsa lamulo loletsa mabatire ang'onoang'ono a kadimiyamu mu 2006, ndipo chilolezo chimene chinatsalira ku zipangizo za amisiri monga ziboolero chinatha kumapeto kwa 2016. Batire lakale lolembedwa NiCd likapezeka m'nyumba siloyenera kuponyedwa pamoto, m'munda kapena pafupi ndi chitsime.

Nanga za lithiyamu?

Mafoni, malaputopu, mapawabanki ndi njinga zamagetsi za masiku ano zimayendera mabatire a lithiyamu, amene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991. M'kati mwake mulibe kadimiyamu yoti iundane. Lithiyamu imangochoka m'puleti lina n'kukalowa m'linzake potchaja, n'kubwerera pogwiritsa ntchito. Foni ikatchajidwa ili pa 60 peresenti, kapena ikachotsedwa pa tchaja ili pa 75 chifukwa magetsi azima, batire silitaya kanthu. Zotchaja usiku wonse tsiku loyamba nazonso zinali za mabatire a nikelo, amene ankafika kwa wogula atatha moto m'sitolo. La lithiyamu likadzaza, foni imadula yokha magetsi.

Batire la lithiyamu limakalamba ndithu, koma pa zifukwa zina. Pa puleti lake la girafaiti pamamera kakhungu kopyapyala kamene kamadya lithiyamu pang'onopang'ono, ndipo lithiyamu yodyedwayo siibwereranso ku ntchito. Kakhunguka kamakula msanga batire likamatentha ndiponso likamakhala nthawi yaitali lili lodzaza thothotho. Kampani ya Apple imachenjeza kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kungawononge batire mpaka kalekale, ndipo aliyense wodziwa dzuwa la mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje akudziwa kuti foni yosiyidwa pawindo kapena kutsogolo kwa minibasi imapitirira pamenepo mosavuta. N'chifukwa chake mafoni ambiri atsopano ali ndi posankha poti kutchaja kuzilekezera pa 80 kapena 85 peresenti.

Kawerengedwe ka moyo wa batire nakonso kamatsutsa nthano ija. Opanga amawerenga ulendo umodzi pamene moto wokwana batire lathunthu wagwiritsidwa ntchito, kaya nthawi imodzi kaya pang'onopang'ono. Kugwiritsa ntchito theka lero n'kutchaja, theka mawa n'kutchajanso, ndi ulendo umodzi, osati iwiri. Apple imanena kuti mabatire a mafoni ake mpaka iPhone 14 anapangidwa kuti azikhala akusungabe 80 peresenti ya mphamvu yawo pambuyo pa maulendo 500, ndipo a iPhone 15 pambuyo pa maulendo 1,000. Ndipotu maulendo afupiafupi a pakatikati amalemetsa batire pang'ono kusiyana ndi kuchoka pa 100 mpaka pa ziro tsiku ndi tsiku.

Foni ikasonyeza ziro n'kuzima, selo lake limakhala likadali ndi 3 V kapena kuposerapo, chifukwa foniyo imasiyako dala. Ngozi imabwera ikaponyedwa m'kabati ili choncho kwa miyezi. Voteji imapitiriza kutsika yokha, ndipo ikatsika kwambiri kapepala ka mkuwa ka m'kati mwa selo kamayamba kusungunuka. Batire lotero limakana kutchajidwa, kapena likakakamizidwa limatha kutupa ngakhale kuyaka kumene. Foni kapena laputopu yoti isungidwe nthawi yaitali ndi bwino izisiyidwa ili cha pa theka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapangitsa anthu kulumbira kuti foni yawo ikukumbukira. Choyamba ndi nambala ya pa sikirini. Nambalayo ndi yongoyerekeza: kachipangizo ka m'foni kamawerenga magetsi olowa ndi otuluka, ndipo pakapita miyezi batire lisanafike kumapeto kulikonse, kawerengedweko kamasokonekera pang'ono. Kulola foni izime yokha kamodzi, n'kuidzaza mpaka 100 osadukiza, kumakonza nambalayo. Batire lokha silipindula kanthu, ndipo palibe chifukwa chochitira zimenezi sabata iliyonse. Chachiwiri ndi foni yakale yozima ili pa 30 peresenti munthu akangoyatsa kamera kapena akamaimba pamalo ovuta netiweki. Batire lokalamba limalephera kupereka magetsi ambiri nthawi imodzi, voteji imagwa, foni n'kudziteteza pozima. Lotero mankhwala ake ndi kulisintha, ndipo ngati latupa, lisinthidwe tsiku lomwelo.

Komabe nkhani ya lithiyamu ili ndi kamchira. Mu 2013, ofufuza atatu, Tsuyoshi Sasaki ndi Yoshio Ukyo a ku malabotale a Toyota ku Japan pamodzi ndi Petr Novák wa ku Paul Scherrer Institute ku Switzerland, analengeza m'magazini ya Nature Materials kuti apeza kukumbukira kwenikweni m'batire la lithiyamu la mtundu wa LiFePO4. Umenewu ndi mtundu umene tsopano wafala m'mabatire a sola ndi m'magalimoto ambiri amagetsi. Iwo anaona kuti selo likatchajidwa theka n'kutsitsidwa, ulendo wotsatira voteji imadumpha pang'ono ikafika pa theka pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti puleti lili ndi timibulu tambirimbiri, ndipo kalikonse kamakonda kukhala kodzaza lithiyamu kapena kopanda, osati pakati. Kutchaja kukalekezera panjira, timibuluto timagawika magulu awiri, ndipo ulendo wotsatira gulu lotsalira m'mbuyo limafuna kukankhidwa mwamphamvu pang'ono.

Kudumphako n'kwakung'ono kwambiri, magawo ochepa chabe mwa magawo chikwi a voteji ya selo. Sikuchepetsa moto umene batire limasunga, ndipo kumafufutika kokha. Amene kumawakhudza ndi mainjiniya, chifukwa voteji ya LiFePO4 imakhala cha pa 3.2 V kapena 3.3 V pafupifupi ulendo wonse, moti kusintha kwakung'ono kungasokoneze makina oyerekeza moto wotsala. Kusalala kwa voteji komweku ndi kumene kumachititsa kampani ya Tesla kulangiza eni magalimoto ake a batire la mtunduwu kuti azilidzaza mpaka 100 peresenti kamodzi pa sabata. Cholinga ndi kuwongola nambala ya pa sikirini, ndipo malangizowo ndi odzaza, osati otsitsa.

Kumene nthanoyi ikudyera anthu ndalama

Foni imadziteteza yokha, choncho mwini wake akamaidikira kuti izime amangofupikitsa moyo wa batire pang'ono. Batire la mtovu ndi asidi, lija la 12 V limene limayatsa mababu, wailesi yakanema ndi makina ometera m'midzi ndi m'matauni ambiri kuno kwathu, nthawi zambiri lilibe mlonda woteroyo, makamaka likalumikizidwa ku panelo ndi ku inveta popanda kabokosi kowongolera. Pa mabatire onse, limeneli ndi limene limadana kwambiri ndi kutheratu.

Likamagwira ntchito, pa mapuleti ake pamapangika mankhwala otuwa a salifeti. Likadzazidwa msanga, mankhwalawo amasungunuka n'kubwerera m'asidi. Likasiyidwa lotha kwa masiku angapo, amauma n'kukhala mibulu yolimba imene tchaja wamba singaisungunule, ndipo gawo limenelo la puleti limakhala lafa. Batire lotere limanamiza: limaoneka ngati ladzaza pakangopita kanthawi kochepa, kenako limatha mababu atangoyaka. Apanso anthu amati lazolowera, n'kulitsitsa dala kuti liiwale, osadziwa kuti akulimaliza. Batire la galimoto ndiye limafa msanga koposa pa ntchito imeneyi, chifukwa mapuleti ake ndi opyapyala, opangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso nthawi yomweyo.

Mita yotchipa ya pamsika imakwanira kuliyang'anira. Batire la 12 V likapuma maola angapo osatchajidwa ndiponso osakokedwa, lodzaza limasonyeza 12.6 V kapena 12.7 V, ndipo la pa theka limasonyeza cha pa 12.1 V kapena 12.2 V. Likamapezeka m'mawa uliwonse lili pansi pa 12 V, ndiye kuti katundu amene akulumikizidwako wachuluka kapena panelo ndi laling'ono. Amene muli ndi batire lotere kunyumba, muzizimitsa zipangizo likafika pa theka, ndipo muzionetsetsa kuti ladzaza tsiku lotsatira.